Zala za Pamasaya Anga

Akulu anga anamwalira masana, dzuwa lili paliwombo, anthu onse ali kumunda kukumba mtedza. M'nyumba ya amama, kumudzi kwathu kwa Mwase, tinatsalamo awiri basi. Ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndiye anandisiya kuti ndizipatsa wodwala madzi. Chifuwa chachikulu chinali chitawamaliza, atatsala mafupa ndi maso. Anandikodola. Nditawerama anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, zala pamasaya angawa, zozizira ngati khasu logona panja.

"Iwe," anatero, "mankhwala sasiya. Wamva? Sasiya."

Ndinati ndamva. Sanandisiye. Anandigwirabe mpaka manjawo anayamba kulemera, ndipo ndinachita kuwachotsa ndekha, chala chimodzichimodzi.

Mawuwo anali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndinali ine. Chaka cham'mbuyo, akuchipatala anawauza kuti amwe mapiritsi miyezi isanu ndi itatu osadumphitsa. Ine ndiye ndinali ndi njinga, popeza ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pulayimale chapafupi, ndipo ndinkawakweza pakaliyala kukatenga mankhwalawo. Pofika mwezi wachinayi anali atayamba kunenepa, akuseka, akusinja okha. Inali nthawi ya mvula, njira ili matope okhaokha. Anati, "Ndachila ine, tizivutikilanji?" Ine, mwa ulesi wanga, ndinangoti chabwino. Chifuwa chinabwerera chaka chisanathe, ndipo ulendo uno sichinamvenso kanthu. Palibe anandiloza chala pamaliro, koma ineyo ndinkadziwa chimene ndinachita.

Mimba yomweyo ndi imene inandibweretsera zigamba kumaso. Zinayamba pamasaya, zoderako, m'mbali mwake mosalongosoka, china chaching'ono pamphumi. Sizinkayabwa, sizinkapweteka. Amayi akuluakulu ankati zimenezo n'za mimba, zidzapita ndi mwana. Mwana anabadwa, anakwawa, anayenda, zigamba zili pompo. Ana a giredi faifi si anthu, ndikuuzani. Ukatembenukira kubolodi umamva kunong'ona, ukacheuka onse akuwerenga ndi nkhope za angelo. Tsiku lina ndinapeza chithunzi changa m'kope la masamu, masaya atadetsedwa ndi pensulo. Ndinamukwapula mwini kopelo, koma kujambula anajambula bwino.

Pa chipatala cha pa Boma panabwera bambo wina amene anaphunzira za matenda a khungu. Sanali dokotala weniweni wa madigiri, anali kiliniko ofesa, koma tonse tinkangoti adokotala. Anali wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati akukulemberani pasileti. Ulendo woyamba anandibweza.

"Mukali kuyamwitsa, amadamu? Ndiye yembekezani. Mankhwala aya sitipatsa wapakati kapena woyamwitsa. Mukaletsa mwana mubwele."

Nditaletsa mwana ndinapalasanso njinga ulendo wa ku Boma, m'nyengo yachisanu. Ananditengera pazenera, nanditembenuza nkhope uku ndi uku. Anati matendawo si oopsa, ndi khungu chabe limene lapanga utoto wambiri pamalo amodzi chifukwa cha mimba ndi dzuwa. Analemba pakapepala dzina lalitali, haidrokwinoni, nati pachipatalapo palibe, ndikagule ku kemisiti ku Chipata. Ndiye anandikhazika pansi ngati mwana wasukulu.

"Mvetselani bwino. Kilimu iyi imagwila dzanja khungu kuti lisapange utoto. Muzipaka pang'ono, kamodzi patsiku, madzulo mukasamba, pachigamba pokha. Osati nkhope yonse. Osati pafupi na maso. Mukatha musambe m'manja. Masana chipewa, kapena ambulela, chifukwa dzuwa likabwela limapasula zonse. Yambani mwayesa pamkono, muone ngati simutupa. Ikayamba kuwotcha, kufiilitsa kapena kusenda kwambili, lekani mubwele. Ikapita miyezi iwili kulibe kusintha, lekani mubwele. Mukaona pakuda m'malo moyela, tsiku lomwelo lekani. Ndipo olo zikuyenda bwino bwanji, miyezi itatu ikakwana, basi. Khungu lipume."

"Ndileke olo zisanathe?"

"Muleke. Aya si mankhwala a moyo wonse."

Anatenga kalendala kakang'ono ka m'thumba nazunguliza tsiku lolekera ndi bolopeni yofiira. Ndinavomera ndi mutu. Ndinamva zonse, sindinganame kuti sindinamve. Koma mawu akuti lekani anandikhala pakhosi ngati fupa la nsomba, chifukwa ndinali nditawamvapo kale mawu otsutsana nawo, kuchokera kwa munthu amene anawalipira ndi moyo.

Bambo a kunyumba anatuma dalaivala wa basi, ndipo kachubu kanabwera, kakang'ono ngati chala. Ndinatsata malamulo onse. Ndinagula chipewa chamlaza chachikulu, ana asukulu n'kunditcha dzina latsopano. Masabata anayi oyamba panalibe chooneka. Sabata lachisanu ndi chimodzi aphunzitsi anzanga anayamba kundiyang'anitsitsa. Pofika tsiku lozungulizidwa lija zigamba zinali zitazilala, kungotsala kamthunzi koti uchite kufunafuna. Ndinaleka. Kachubu kanali katatsala pang'ono pansi, ndipo ndinakataya m'chimbudzi ndi dzanja langali. Ndinkayenda ngati ndakwezedwa pantchito. Pa Sande ndinkakhala kutsogolo m'kwaya.

Kenaka kunabwera dzuwa la Okutobala. Chipewa chija mbuzi inadya mlomo wake, ndipo sindinagule china. Mphunzitsi wakumudzi ndi mlimi ndithu, malipiro okha sungadyere, ndiye ndinali m'munda kugalauza, kubzala, kupalira. Nthawi yomweyo ndinali nditayambanso mapiritsi a kulera, osadziwa kuti nawo amadzutsa zigamba zotere. Pofika Januwale zinabwerera, pamalo pake penipeni, ngati alendo odziwa nyumba.

Munthu wanzeru akanakwera njinga kupita ku Boma. Ine ndinakhala pakhonde ndi kagalasi m'manja, ndikuwerenga nkhaniyo ndekha. Akulu anga anamwa mankhwala, anachira, anasiya, matenda anabwerera n'kuwapha. Ine ndapaka mankhwala, ndachira, ndasiya, taonani abwerera. Kusiyana kwake kuli pati? Ndinafika mpaka pomukwiyira bambo wa kuchipatala uja. Ndinati ameneyu ndi mwana, waphunzira dzulodzuloli, sanaikepo m'bale wake m'manda. Ndikapitanso akandipatsa miyezi itatu ina n'kundiuzanso kuti lekani. Ine zosiya mankhwala ndinathana nazo.

Mumsika wa pa Boma, kuseri kwa ogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, munali mayi wina wa ku Magodi amene ankagulitsa mafuta odzola, tizipeso ta tsitsi ndi sopo. Katundu wina sankamuyala patebulo, ankakhala m'chikwama pansi pa mpando.

"Monile amama," anatero m'chinenero cha kwawo, akufunsa chimene ndinkafuna. "Mukupenja vichi?"

Ndinamuonetsa kapepala kakale kaja. Sanakawerenge n'komwe. Anayang'ana masaya anga n'kuseka.

"Ya ku kemisiti ija ni ya ŵana. Iyi ndiyo yeneko."

Anatulutsa kabotolo kakukamwa kwakukulu, kopanda pepala, kopanda dzina, kirimu yake yoyera ngati mafuta a nkhumba. Anati ndi mankhwala omwewo koma amphamvu, ochokera kutali, odutsa m'malire ambiri. Nkhope ya mayiyo inali yoyera mbee, makutu ndi khosi zili bii, ndipo pamasaya anali atapaka paudala wochindikala. Ndinauona paudalayo. Ndinauona ndithu, koma sindinadzifunse kuti akubisa chiyani.

Poyamba zinayenda mokoma. Zigamba zinathawa m'masabata ochepa. Ndinkapaka m'mawa ndi madzulo, ndipo poti khungu lozungulira linayamba kuoneka lakuda poyerekeza ndi pakatipo, ndinakulitsa bwalo. Miyezi itatu inadutsa, isanu ndi umodzi, chaka. Kabotolo kakatsala theka ndinkayamba kusowa mtendere mpaka nditagula kena. Kirimu yotsala pansi inkasanduka yoderako ikakhalitsa, ngati mbatata yosenda, koma ndinkaipala ndi chala osasiya ndi pang'ono pomwe. Nthawi zina kumaso kunkawotcha ndikakhala padzuwa. Ndinkati ndiye kuti ikugwira ntchito.

Bambo a kunyumba anayesapo kulankhula. "Amake mwana, si paja adokotala anati miyezi itatu?"

"Inu munayamba liti udokotala? Fodya wanu akupsa m'chigafa uko."

Anangotola chipewa n'kutuluka. Anali munthu wosakonda phokoso, ndipo ine pakamwa ndinali napo.

M'chaka chachitatu ndi pamene ndinaona chinthu china. Unali m'mawa wa Loweruka, ndikusamba kumaso pabwalo. Pafupa la tsaya lakumanja panali kamdima. Sikanali kodera ngati zigamba zakale zija. Kanali kotuwa, kolowera ku buluu, ngati mwaye umene walowa pansi pa khungu. Ndinakatsuka ndi sopo, kali pompo. Ndinakakwecha ndi mwala wosambira mpaka kutuluka magazi. Patapita sabata kanatulukanso kena kumanzere, pamalo ofanana.

Ndinadziwa chochita, kapena ndinkaganiza choncho. Matenda akula mphamvu, ndiye mankhwala achuluke. Ndinayamba kupaka katatu. Ndinkatenga kabotolo kusukulu, nthawi yopuma n'kulowa m'kachipinda ka mabuku kukapaka. Mdimawo unkangokula. Unatambalala kuchokera pafupa la tsaya kulowera kukhutu, mizere iwiri mbali iyi, iwiri mbali inayo, ndi kadontho kena m'munsi chakuchibwano. Ukapapasa pankamveka tokhakhala, timatuza ting'onoting'ono takuda ngati njere za bonongwe. Zikhadabo za zala zanga zinasanduka zofiirira, ndipo ndinkanamizira choko ndi dothi la kumunda.

Ana asukulu anasiya kundijambula. Chimenecho chinandiopsa kuposa kunong'ona kuja. Ndikalowa m'kalasi kunkangoti zii, maso onse padesiki. Kamtsikana kena nditakaitana kuti kabwere kubolodi kanayamba kulira popanda wokamenya.

Amama ndinali nditatha miyezi ndikuwazemba. Ndikapita kumudzi ndinkamanga duku motsitsa, n'kukhala chozimbayitsa. Koma tsiku lina anabwera okha, masana, atasenza dengu la mtedza. Anandipeza pakhonde ndikusankha nyemba, wopanda duku. Anatula dengu. Sanandipatse moni. Anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Tsiku lija unali naye wekha. Anakugwila pati?"

Nkhani ya manja ija sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a kunyumba.

"Amama, mukunena chiyani?"

"Usandinamize, ndinakubala ndine. Izo ni zala. Ona, ziwili uku, ziwili uku, chala chachikulu apa. Mkulu wako anakugwila kumaso."

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga galasi. Zaka zonsezi ndinkaziona ngati zigamba. Tsopano ndinaziona monga anazionera amama, ndipo sindinathenso kuziona mwina. Anali manja. Munthu anali atandigwira nkhope ndi manja awiri, ndipo sanandisiye. Ndinamva kuzizira kuja pamasaya, kuzizira kwa khasu, dzuwa likuswa mtengo panja. Galasilo ndinaliika chafufumimba pansi pa bedi.

Ndinawaululira zonse amama, za matope, za njinga, za "chabwino" wanga uja. Sanandikalipire. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mbuzi yake pomwe ankaiganizira. Anati cholakwa si changa ndekha. Akulu anga sitinawaphikire mowa wa bona, umene kwathu timaphika pakapita chaka kuti womwalira agone ndi kuiwala za kuno. Chaka chimenecho kunali chilala, chimanga chosakwana n'chakudya chomwe, komanso akulu ampingo sankafuna kumva za mowa. Tinangopemphera n'kubalalika. "Munthu tinamusiya panjila," anatero amama. "Ndiye agwile ndani? Agwila amene anali pafupi."

Ine mphunzitsi, wa m'kwaya, wophunzitsa ana kuti mvula imachokera ku nthunzi, ndinavomera. Ndipo ndinene zoona, mtima unapepuka. Ngati ndi akulu anga, ndiye kuti pali chochita. Munthu wokwiya amapepesedwa.

Milungu imene chimera cha mowawo chinkamera inali yoipa. Ndinkamva ngati wina waima kumbuyo kwanga ndikamalemba pabolodi. Pobwera kusukulu njira yathu inkadutsa m'mphepete mwa msitu wa manda, ndipo njinga inkalemera pamenepo, ngati pakaliyala pakhala munthu. Ndinkadziwa bwino kuti pali kachitunda ndi mchenga. Komabe sindinkacheuka. Tsiku lina ndinadzimva ndikulankhula mokweza, "Gwilitsani, akulu, pali bampu apa," monga ndinkanenera kale. Ndinatsika n'kuyenda pansi mpaka kunyumba.

Mowa unaphikidwa mwakachetechete, kuseri kwa nyumba ya amalume. Mapanga awiri avumbwitsa, koma ife tinati tivumbwe basi. M'mawa tinapita kumanda, amalume anathira pansi n'kulankhula ndi akulu anga ngati ali pomwepo, kuwatchula ndi dzina la paubwana. Kenaka anati ndilankhule ine. Ndinagwada. Ndinati, "Akulu, ndinalakwa. Ndinachita ulesi. Koma mawu anu ndinasunga, mankhwala sindinasiye olo tsiku limodzi. Ndisiyeni nkhope yanga." Ndinalira mpaka amama anachita kundidzutsa. Titabwerera kumudzi, anthu akumwa, ndinazemba kulowa m'nyumba kukapaka ya masana.

Tinadikira. Amama ankabwera Loweruka lililonse, n'kunditengera padzuwa, n'kundiyang'ana. "Kwayamba kuyela pang'ono," ankatero, koma maso awo ankanena zina. Mwezi unatha, wachiwiri, wachitatu. Zala zija zinangoderatu, ndipo mphumi nayo inayamba. Amama anasiya kudya bwino. Ankati mwana wawo wakana mowa, ndiye kuti mkwiyo wake ndi waukulu, ndipo ankadzifunsa chimene iwo anamulakwira.

Chimene chinandibweza kuchipatala si nzeru zanga ayi. Mwana wanga anatuluka zipere m'mutu, ndipo kukiliniki kwathu anatitumiza ku Boma. Ndinamanga duku mpaka m'masaya, ndikupemphera kuti ndikapeze munthu wina. Ndinapeza yemwe uja, tsitsi litayamba imvi. Anamuona mwana, analemba mankhwala, kenaka anaika bolopeni pansi.

"Amadamu a kwa Mwase. Masulani duku."

"Ine sindinabwelele zanga."

"Ndaona zikhadabo zanu pomwe munali kugwila mwana. Masulani."

Anauza nesi kuti atuluke ndi mwanayo. Ndinamasula. Sanadzidzimuke monga ankachitira ena, ndipo chimenecho chinandiuza kuti waziwonapo. Ananditengera pazenera lomwe lija, napapasa timatuza tija ndi chala.

"Zaka zingati?"

"Zinayi."

"Kangati patsiku?"

"Katatu."

Anapumira m'mwamba. Ndinatulutsa kabotolo m'chikwama, popeza sindinkayenda popanda iko. Anakatembenuza kufuna pepala, osalipeza. Anati ya ku kemisiti ija inali ndi mphamvu yodziwika, magawo awiri kapena anayi pa handiredi, koma iyi palibe angadziwe, ndipo nthawi zambiri amasakanizamo ndi zina zopyapyalitsa khungu. Anati mankhwala amenewa ukawapaka nthawi yaitali, makamaka amphamvu, pakhungu lakuda ngati lathuli ndi padzuwa ngati lakwathu, amatembenuka. M'malo moyeretsa amasiya utoto wina pansi penipeni pa khungu, pomwe sopo kapena kirimu sizifika. Anatchula dzina lake, okoronosisi. Anati msampha wake ndi womwewo umene ndinagwamo: munthu akaona kuda amawonjezera, kuwonjezerako n'kumene kukudetsa.

Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Inu simudziwa. Izi si za kilimu. Izi ni zala za akulu anga." Ndipo ndinamuuza zonse, za chifuwa, za manja ozizira, za mowa umene wakanidwa. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke.

"Akulu anu ananena zoona," anatero. "Mankhwala a chifuwa sasiya, chifukwa kuli tizilombo tofunika kufa tonse. Apa panalibe kachilombo, amadamu. Panalibe chakupha. Zigamba zija zikanabwela mukanabwela kuno, tikanasintha mapilitsi a kulela, tikanakamba za chipewa, kapena patapita nthawi tikanapakanso miyezi ingapo na kulekanso. Mankhwala ena sasiya, ena amapha posasiya."

"Nanga zalazi? Mukuziona inu nomwe. Kilimu ili na zala?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa galasi, nalitsamiritsa pamabuku patsogolo panga.

"Ndionetseni momwe mumapakila. Osatsegula botolo. Chitani chabe."

Manja anga anakwera okha, poti anali atachita zimenezi kambirimbiri. Chala cholozera ndi chapakati, mbali zonse ziwiri, kuyambira pafupa la tsaya kukokera kukhutu. Zala zazikulu zinatsamira m'munsi chakuchibwano, pomwe ndinkapukutira yotsala. Ndinayang'ana m'galasi. Chala chilichonse chinagona mumzere wake, osatsala, osapitirira. Zikhadabo zofiirira zija zinathera pomwe mdima unathera.

Ndinakhala choncho, nditadzigwira kumaso, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Panja wina ankaitana mayina a odwala. Akulu anga anali ndi zala zazitali, zoonda, ankatha kufika nazo mpaka kumakutu anga. Zanga n'zazifupi, zonenepa, ngati za amama. Mizere ija inali yaifupi.

"Ndiye zichoka liti?" ndinafunsa.

Ndinayamba kuchonderera ngati mwana. Ndinati ndileka lero lomwe, ndivala chipewa, ndichita chilichonse.

"Kuleka muleke lelo, kuti zisapitilile. Masabata oyamba muzaona monga zaipilako, zigamba zakale zizabwela, mwina na kuyabwa. Musabwelele ku botolo. Chipewa masiku onse. Mwina m'zaka zizazilala pang'ono. Koma sinizakunamizani, amadamu. Utoto uyu ukakhala pansi, nthawi zambili suchoka."

Ndinapempha kuti mwina alipo mankhwala ena, a ku Lusaka, a kunja. Anati alipo oyesera, koma palibe amene angandilonjeze. Kabotolo anakasunga, anati akufuna azionetsa ena. Ndinatuluka ndi mwana wanga, duku lili m'manja. Ndinadutsa pamsika. Mayi wa ku Magodi uja anandiona, nakweza dzanja kuti andipatse moni, kenaka analitsitsa. Tinayang'anana, iye ndi paudala wake, ine wopanda. Ndinali nditakonza mawu oti ndimulalatire, koma nditaona m'mphepete mwa paudalamo mtundu womwe uja wa mwaye, ndinangodutsa.

Pobwerera njinga sinalemere pamanda paja. Ndinaima dala, phazi limodzi pansi, kudikira. Panalibe kanthu, mchenga ndi kachitunda basi. Ndipo ndinalira kuposa tsiku la mowa lija, chifukwa ndinazindikira kuti ndinkafuna akhale iwo. Akanakhala akulu anga, tikanaphika mowa wina, tikanapha mbuzi, tsiku lina akanafewa mtima, poti anali munthu wosasunga mangawa. Koma ichi chinalibe makutu oti n'kuchipepesa.

Loweruka amama anabwera monga mwa masiku onse. Ananditengera padzuwa. Ndisanawalole kuyamba zonama zawo zachifundo zija, ndinati, "Amama, penyani." Ndinakweza manja n'kuika zala m'mizere yake. Ndinawafotokozera zonse, mmene ndinamvera kuchipatala. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatenga dzanja langa, nalichotsa, nalibwezeranso, ngati akuyesa chivundikiro pa mphika.

"Ndiye kuti si iye?"

"Si iwo, amama. Ndine."

"Sanakane mowa?"

"Sanakane."

"Ndiye kuti anagona, mwana wanga." Nkhope yawo inamasuka, makwinya onse a miyezi ija anatha ine ndikuona. Anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Anati ali ndi njala, ndiwaphikire. Kenaka, akupukuta m'maso ndi chitenje, anafunsa mopepuka, ngati chinthu chaching'ono chotsalira, "Nanga poti wadziwa, zichoka liti?"

Ndinawayang'ana. Anali asanasekepo chotero chimwalirire akulu anga.

"Pang'onopang'ono, amama," ndinatero.

Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo Loweruka lililonse ankanditengera padzuwa n'kunena kuti kwayamba kuyera. Ine ndinkavomera. Kabotolo sindinakagulenso, chipewa ndimavala mpaka lero, ndipo mdimawo sunakulenso. Koma m'mawa uliwonse ndikatunga madzi m'manja kuti ndisambe kumaso, zala zanga zimakagwera m'malo mwake, chilichonse mumzere wake.